Teremu Imene Ndinanyamula Zitsulo

Bambo a kunyumba kwanga anadwala sitiroko nthawi yokolola mpunga. Potuluka m'chipatala, dzanja ndi mwendo wakumanzere zinali zitasiya kumvera mwini wake, ndipo pakadi lawo panalembedwa kuti amalemera makilo 70. Ine ndine mphunzitsi wa masamu, ndiye nambala imeneyi inandikakamira m'mutu.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Uliwa ndinabwera ndi kalata ya boma, ndikuganiza kuti ndikhala zaka ziwiri basi, koma ndinakwatiwa ndi munthu wa ku Ngara ndipo zaka ziwirizo zinakhala makumi awiri ndi mphambu zinayi. Ana athu awiri anali kutali, wina kuntchito wina kusukulu. M'nyumba ya aphunzitsi munatsala ife awiri ndi chikuku cha odwala chimene tinabwereka kutchalitchi.

A fiziyo, amene amathandiza odwala kulimbitsa ziwalo kuchipatala, anandiphunzitsa bwinobwino kachotsedwe ka munthu pabedi. Umamukhazika m'mphepete, mapazi pansi, kum'manga chitenje m'chiuno kuti upeze pogwira, kutchinga bondo lake lofookalo ndi mawondo ako, kenako kuwerenga mpaka katatu n'kuimirira naye limodzi. Dzanja lodwalalo sulikoka. Zonsezi ndinazimva ndipo ndikanatha kuzilemba pabolodi. Tsiku loyamba kunyumba tinawerenga mpaka katatu, miyendo yanga inakana, ndipo tinagona tonse awiri pansi pakati pa bedi ndi chikuku. Iwo anayang'ana kudenga, ine ndinayang'ana kunsi kwa bedi kumene ndinapezako nsapato imene inasowa chaka chatha.

Kuyambira pamenepo amene ankawanyamula anali aneba athu, aphunzitsi a sayansi, m'mawa ndi madzulo. Zinayenda choncho mpaka kalata ina ya boma inafika yonena kuti anebawo asamuka teremu ikatha.

Nkhani ikangofika pamsewu wa ku Uliwa imakwera yokha minibasi. Pasanathe sabata kunabwera alamu anga aakulu, mlongo wawo wa bambowa, mayi wolima mpunga kusikimu ya ku Wovwe. Ndi ine amayankhula Chichewa, koma Chichewa chake chosazungulira. Anati abale akhala pansi ndipo agwirizana kuti anebawo akachoka, odwala apita kwawo ku Ngara kumene kuli amuna oti aziwanyamula. Ine ndizikawaona Loweruka, poti ntchito yanga ili kuno. Bambowo ali pampando anati ayi. Koma masiku amenewo mawu anali atawathawa ndipo ankati ayi pa chilichonse, ngakhale tiyi amene akumufuna, ndiye ayi wawoyo sanawerengedwe.

Sindinakangane nawo. Ndikanati chiyani, munthu woti ndinagwa naye pansi? Koma mtima unandipweteka kwambiri, ndipo ndinawerenga masabata otsala. Analipo khumi ndi awiri.

M'kwaya yathu munali mayi wina wapolisi, wa ku Mulanje, amene tonse tinkangomutchula kuti a Sajeni. Anali wocheperako thupi kuposa ine, wamawu otsika, woimba alito. Nditawadandaulira, anandiyang'ana miyendo osati nkhope, n'kunena kuti ndibwere Lolemba ndikaweruka kuseri kwa shopu ya owotcherera zitsulo, ndivale buluku mkati mwa chitenje.

Kuseriko kunali chisakasa cha malata akale chonyamuliramo zitsulo zolimbitsa thupi. Munali chitsulo chachitali, magudumu a simenti oumbidwa m'mabeseni, benchi, ndi timapanda tachitsulo totsamirapo chitsulocho. Munalinso amuna atatu osavala malaya, zifuwa ngati matumba a feteleza, mikono yosatheka kuitsitsa m'mbali. Ndinabwerera pakhomo pomwepo. Ndinawauza a Sajeni kuti ine ndikufuna kunyamula mwamuna wanga, osati kusanduka mwamuna wachiwiri m'nyumbamo. Zoti ndizikalowa m'kalasi cham'mbali chifukwa cha mapewa, ayi ndithu.

A Sajeni sanaseke. Anandifunsa ngati iwo akuoneka ngati aliyense wa atatuwo. Ndinati ayi. Anati akhala akunyamula zaka zisanu ndi chimodzi ndipo yunifomu yawo ndi saizi yomweyo. Anafotokoza kuti thupi la mkazi lili ndi mahomoni ochepa kwambiri a mtundu umene umatukumula minofu ya amuna, ndipo ngakhale amunawo zifuwazo anazisaka zaka zambiri, tsiku ndi tsiku, akudya ngati ali pamaliro a munthu wolemera. Anatinso miyezi yoyambirira mphamvu zimabwera makamaka chifukwa thupi likuphunzira kugwiritsa ntchito minofu imene lili nayo kale.

“Aphunzitsi, minofu sigwira munthu ngati chimfine,” anatero. “Mukadzaona kuti yachuluka mudzasiye. Koma musadzavutike, simudzaiona.”

Ine sindikhulupirira chinthu chosayezedwa. M'mawa mwake ndinapita kwa telala wanga kuti andiyeze ntchafu, chiuno, mimba ndi mapewa. Anafunsa kuti tisoka chiyani. Ndinati palibe, angolemba manambalawo papepala n'kundipatsa. Anandiyang'ana mwachisoni, poganiza kuti matenda a m'nyumba andisokoneza mutu.

Vuto loyamba silinali thupi langa koma magudumu aja. Lililonse linali ndi nambala yolembedwa ndi penti yofiira, 10, 20, 25, ndipo nditafunsa kuti anayezera pati, amunawo anati anangoona kukula kwake. Nditakweza awiri olembedwa 10, lina linali lolemera kuposa linzake moti ngakhale mwana wa Sitandade 1 akanadziwa. Loweruka tinawakweza pawilibala kupita nawo pasikelo ya ogula mpunga. Lolembedwa 20 linalemera 16, linzake 17 ndi theka. La 25 silinafike 21. Chitsulo chimene ankati ndi cha makilo 20 chinali cha 12. Ndinatenga choko n'kulemba manambala enieni. Mmodzi wa amuna aja, amene ankadziwika pamsika ponse kuti amanyamula handiredi, anapezeka kuti amanyamula 78, ndipo sanandipatsenso moni mpaka Khirisimasi.

Vuto lachiwiri linali lakuti panalibe magudumu ang'onoang'ono. A Sajeni anati munthu woyamba kumene sadumpha makilo khumi, amawonjezera pang'onopang'ono, mwina awiri, mwina anayi. Ndiye tinayeza mpunga kilo imodzi imodzi m'timapepala ta shuga, n'kumatimangirira ndi mphira kunsonga za chitsulo, mbali iyi kamodzi, mbali inayo kamodzi. Aliyense wodutsa ankaona mayi wa zaka 46 atasenza chitsulo cholendewera mpunga. Ena ankaganiza kuti ndi zizimba.

Ndondomeko tinailemba m'kope la masamu. Kawiri pa sabata, Lolemba ndi Lachinayi, kuti pakati pazikhala masiku opuma, chifukwa a Sajeni ankati thupi limalimba ukamapuma osati ukamanyamula. Lolemba chachikulu chinali sikwati: chitsulo kumsana pamwamba pa mapewa, osati pakhosi, mapazi motalikirana ngati mapewa, kukoka mpweya n'kulimbitsa mimba, kutsika mpaka matako akhudze benchi, kenako kuimirira. Kasanu, kupuma mphindi ziwiri kapena zitatu, kasanunso, mpaka maulendo atatu. Kenako kuwerama ndi chitsulo chopepuka m'manja, matako akupita kumbuyo, msana uli wowongoka, mpaka kuseri kwa ntchafu kukoke. Pomaliza kukwera ndi kutsika pabokosi, mwendo umodzi umodzi.

Lachinayi chachikulu chinali dedilifiti, kutanthauza kutola chitsulo pansi n'kuimirira nacho. Chitsulo chimakhala pamwamba pa pakati pa phazi, chimakwera chikukhudza miyendo, ndipo umakankha nthaka ndi mapazi m'malo mokoka ndi msana. Poti magudumu athu ena anali aafupi, tinkawaika panjerwa kuti chitsulo chifike pakati pa msongolo. Pambuyo pake sikwati yopepuka, kenako kutsamira benchi ndi mapewa, chitsulo pachiuno pa chitenje chopinda, n'kumakweza chiuno m'mwamba. Imeneyi ndinkaichita nditafunda chitenje china, ndipo amunawo ankatuluka okha kukayang'ana magalimoto pamsewu.

Lamulo linali limodzi. Ndikamaliza maulendo onse atatu mosapindika msana, sabata yotsatira tiwonjezera. Ndikalephera, tibwereza pomwepo. Ndinayamba sikwati ndi chitsulo chokha, dedilifiti ndi makilo 28. Pamwamba pa tsamba ndinalemba 70 n'kuizunguliza. A Sajeni anati munthu si chitsulo, bambowo ali ndi mwendo umodzi wabwino umene uzithandiza, ndipo sindifunika kufika pamenepo. Ndinati ndamva, koma nambalayo sindinaifufute.

Sabata yoyamba ndinkatsika masitepe a kalasi chammbuyo ndipo kukhala pampando inali nkhani yokambirana ndi mawondo. A Sajeni anati zimenezo zimatha, ndidye nyemba, usipa ndi mazira, ndigone. Zinathadi. Pofika sabata yachinayi ndinazindikira kuti ndowa ya madzi yapepuka, ngakhale ndowayo inali yomwe ija.

Alamu anamva, ndithudi. Anafika Loweruka lina m'mawa atasenza thumba la mpunga kuchokera pasiteji, n'kulitula pakhonde osapempha munthu. Atapuma anati amva zoti ndikuchita za anyamata kuseri kwa shopu. Anati mlongo wawo anakwatira mkazi, ndipo zitsulo zimaumitsa thupi, mkazi amatha mbina n'kumera akatumba, mawu n'kukhala besi. Ndinawafunsa kuti thumba atulalo ndi la makilo angati. Anati 50. Ndinati ine chitsulo changa sichinafike n'komwe pamenepo.

“Uwo ndi mpunga, mulamu,” anatero. “Mpunga ndi ntchito.”

Pachitsulo changa panalinso mpunga, koma kufotokoza zimenezo kukanangoipitsa zinthu. Atapita ndinawafunsa bambowo ngati akuopa kuti ndisanduka chiphona. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti ayi. Ndinasankha kumuwerenga ayi ameneyo.

Cholakwa changa ndinachichita sabata yachisanu ndi chimodzi, ndipo ndi cholakwa cha mphunzitsi wa masamu. Ndinawerengetsa kuti pa liwiro limeneli teremu idzatha ndisanafike 70. Tsiku limenelo a Sajeni anali pa rodibuloko. Pakope panalembedwa 46, ine ndinaika 56, poganiza kuti ndi silabasi yoti ukachedwa umangothamangitsa. Koyamba chinakwera. Kachiwiri chinakwera msana utapindika ngati wa mphaka. Kachitatu china chake chinandigwira m'chiuno kumanja ndipo ndinachisiya chitsulocho, mpunga wina n'kumwazika. Nkhuku za owotcherera zinasangalala.

A fiziyo atandiona anati ndi mnofu chabe, palibe dzanzi m'mwendo, ndiziyenda, ndisagone pabedi tsiku lonse. A Sajeni sanakalipe. Anatenga kope, anakhwatcha sabata yathunthu, ndipo pobwerera anandiyambitsa pa 44. Ndinawauza kuti andibwezera Sitandade 5. Anati inde. Masiku amenewo ndinalira kubafa, osati chifukwa cha msana, koma chifukwa ndinali nditadya ndekha masabata awiri mwa masabata anga ochepawo. Kuthamanga sikufika, amatero, ndipo ndimawauza ana a sukulu chaka chilichonse.

Kuchokera pamenepo ndinamvera ngati mwana wobwereza kalasi. Makilo anayi zikayenda bwino, awiri zikavuta. Kunyumba ndinayamba kuwadzutsa bambowo ndekha, anebawo ataima pambali manja ali okonzeka. Poyamba ankagwirako. Kenako ankangoima. Kenako anayamba kubwera ndi kapu yawo ya tiyi m'manja.

Sabata ya khumi ndinabwerera kwa telala ndi pepala lija. Ntchafu zinali zitawonjezera sentimita imodzi, mimba inatsika ziwiri, mapewa anali pomwe paja. Telala anati siketi zanga zingofunika kubweza pang'ono m'chiuno, ndipo anafunsa ngati tsopano tisoka kanthu. Ndinati ayi. Chiphona chimene Uliwa yense ankachidikira sichinabwere.

Sabata yomaliza, Lachinayi, ndinatola makilo 60 kasanu, maulendo atatu, msana uli bwinobwino. A Sajeni anandigwira chanza. Ine ndinangoona kuti patsala khumi ndipo nthawi yatha. Lachisanu linali tsiku la bambowo kuchipatala. Anamwino anandiuza kuti ndiwaimike pasikelo, ndinawaimika, ndinawagwirira pang'ono pachitenje kuti asagwe. Muvi unaima pa 55. Ndinawauza anamwinowo kuti sikelo yawo njofuna kuyezedwa, poti nkhani za masikelo ndinali nditazidziwa. Anakwerapo okha, anati ili bwino.

Choncho ndinali nditawadutsa kale, sabata imodzi kapena ziwiri m'mbuyomo, osadziwa. Ine ndikukwera, iwo akutsika, tinapambana panjira. Ndinkawasambitsa tsiku lililonse ndipo nthiti ndinkaziona, koma maso anga anali pakope. Anamwino anati miyezi ya pabedi imadya minofu, ndipo kuvutika kumeza kumachepetsa kudya, n'kundilangiza za phala lothira nsinjiro, mazira ndi mkaka, pang'onopang'ono koma kawirikawiri. Ndinakankha chikuku kubwerera kunyumba ndili ndi manyazi amene sindinakhalepo nawo. Sindinauze munthu aliyense nambalayo.

Aneba anapakira katundu wawo Loweruka m'mawa. Dzuwa lisanafike pamutu kunabwera galimoto yapikapu ya ku Ngara, matiresi atayalidwa kumbuyo, muli alamu aakulu aja ndi achimwene awo awiri. Anakhala pabalaza. Ndinawapatsa madzi. Wamkulu wa amunawo anayamba kuyankhula mwaulemu, za kuthokoza, za kutopa kwanga, za kuti palibe akundilanda mwamuna. Ndinadikira amalize, kenako ndinati odwalawo akadali pabedi, ndiwabweretse kuti amve nawo. Amunawo anaimirira kuti akathandize. Ndinati akhale, koma chitseko cha kuchipinda ndinachisiya chotsegula.

Bambowo ndinawakhazika m'mphepete mwa bedi. Chitenje m'chiuno, mawondo anga pabondo lawo, chifuwa changa pachifuwa chawo, tsaya patsaya. Zaka zonsezo sitinayandikanepo choncho pamaso pa abale awo, ndipo achimwene awo anapeza mwadzidzidzi chinthu chochititsa chidwi pakalendala ya pakhoma. Tinawerenga mpaka katatu n'kuimirira. Tinaima ndithu, osagwedezeka, kenako ndinawatembenuzira kumbali yawo yabwino n'kuwatsitsa m'chikuku pang'onopang'ono, mmene ndinkatsikira pabenchi paja.

Alamu sanayang'ane kalendala. Analowa m'chipindamo, anandigwira mkono n'kuufinya, anandigwiranso ntchafu pamwamba pa chitenje ngati akusankha mbuzi pamsika. Kenako anagwada patsogolo pa mlongo wawo, anamuika manja m'nthiti monga ankachitira ali khanda, poti anamulera ndi iwo, n'kuyesa kumunyamulako pang'ono. Manja awo anakhala pamenepo nthawi yaitali.

“Mulamu, mphamvu muli nazo, ndaona,” anatero motsitsa mawu kuti amunawo asamve. “Koma munthuyu watha.”

Ndinati ndikudziwa. Ndinawauza nambala ija, 55, ndipo inali nthawi yoyamba kuitchula pakamwa. Ndinawauzanso kuti ndinaiona dzulo lomweli, ine amene ndimagona naye chipinda chimodzi. Ndinkayembekeza kuti apa ndiye andimaliza, ndipo akanakhala ndi chifukwa chabwino kuposa cha akatumba chija.

Anatembenukira kwa mlongo wawo n'kumufunsa m'Chitumbuka ngati akufuna kupita ku Ngara. Bambowo anavutika nawo mawu, pakamwa pakupotoka. Sananene ayi. Anakweza dzanja lawo labwino lija, anagwira nsonga ya chitenje changa n'kuikulunga pachala kawiri.

Alamu anaimirira, anapukuta m'maso ndi mpango, anatuluka pabalaza n'kuwauza achimwene awo kuti atsitse matiresi m'galimoto. Amunawo anafunsa chifukwa. Anati matiresiwo agonapo iwo, akhala kuno mpaka mlongo wawo abwerere m'thupi, poti mkazi wake ali ndi kalasi m'mawa ndi zitsulo zake madzulo, ndipo wina ayenera kukhala ndi supuni m'manja. Mpunga wa ku Wovwe ana ayang'anira. Galimoto inabwerera ndi amuna awiri okha.

Madzulo ake nthawi yosamba itakwana, ndinatenga chitenje chija kuti ndiwamange bambowo m'chiuno. Alamu anandilanda. Anachimanga okha, molimba kwambiri, ine n'kumasulako pang'ono. Anaima kutsogolo kwa mlongo wawo, mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi amene wasenza matumba moyo wake wonse.

“Ndionetseni pogwira,” anatero.

Ndinawagwira manja n'kuwaika pamalo pake, ndipo ndinaima kumbuyo kwawo kuti akalephera tigwe tonse atatu.